WhatsApp ya pachithunzipa ndi yeniyeni?

"Abale, ndaipeza pa Play Store, ili ndi nyenyezi 4.8, odawuniloda 1K+. Ndiiyike?"

Achimwene, musaiyike. Yang'anani dzina laling'ono lili pansi pa dzina la apuyo. Yeniyeni pamalembedwa WhatsApp LLC, pomwe pachithunzi chanupo pali dzina lina. Komanso yeniyeniyo anaidawuniloda anthu mabiliyoni, ndiye 1K+ yachepa kwambiri.

Nyenyezizo zisakukopeni. Ndikuona kuti opereka ndemanga ndi 30 okha, ndipo anthu ochepa chonchi mwini apu akhoza kuwagula, kapena kungopempha anzake. Ine ndimayamba kuwerenga ndemanga za nyenyezi imodzi, chifukwa amene anapwetekeka amadandaulira kumeneko.

Dinaninso About this app, muone Released on. Ikakhala ya mwezi wathawu, ndi yonamizira basi. Ngati munaiyika kale, ichotseni lero lomwe, musanalembemo nambala yanu.