Nambala yoyamba ndi +88 si ya TNM ayi, yang'anitsitsani musanayimbe

"Moni achimwene. Usiku wina foni yanga inalira kamodzi n'kuduka, nambala yake yoyamba ndi +882. Ndinkayesa ndi munthu wa pa TNM nde m'mawa ndinayimba, mayunitsi anga onse psiti. Komanso pali wina anandiyimbira akuti ndi wa kubanki ndipo nambala inali ya banki yangadi. Kodi nambala ya mbava munthu angaidziwe bwanji pongoyang'ana?"

Achemwali, imelo yanuyi yandipsetsa mtima, osati chifukwa cha inu ayi, koma chifukwa zomwezi zinawachitikira azakhali anga kumudzi ndipo mpaka pano ndikakumbuka ndimamvabe kuwawa. Azakhaliwo foni yawo ndi kaja ka mabatani, maso anayamba kuvuta, ndipo mwana wawo wamkulu ali ku Joni, amatha miyezi osamveka. Nde foni ikalira usiku iwo mtima umangoti ndi mwana wanga ameneyo, mwina wadwala, mwina amugwira alibe mapepala. Tsiku limenelo anali atangogula mayunitsi ochulukirapo ndi ndalama ya soya chifukwa ankayitanira abale ku chiliza, foni inalira kamodzi pakati pa usiku n'kuduka, iwo osagonanso tulo. Kutacha anayimba. Mbali inayo kunkamveka ngati foni ikuyitanabe, kenako mawu a mzimayi "halo? halo?" ngati netiweki ikuvuta, iwo n'kumakuwa dzina la mwana wawo, kusuntha kupita pachulu pomwe netiweki imagwira bwino, kudikirira, mpaka foni inaduka yokha. Mayunitsi atha. Anabwereka ena n'kuyimbanso, poganiza kuti mwanayo wasowa mtengo wogwira.

Chomwe chimandinyansa n'choti achibale anayamba kuwaseka kuti agogo apusitsidwa. Apusa pati? Ife a Malawi tinakulira kufulasha. Wopanda mayunitsi amafulasha, amene ali nawo amayimba, ndipo ukapanda kuyimba anthu amati wayamba matama. Mbavazi zikudyera pa khalidwe lathu lomweli, ndipo ine ndimakana zoti wobedwa motere ndi wopusa. Amakampani a mafoni umbava umenewu amawutcha wangiri, ndipo si munthu amene amakhala pansi kukufulashani inuyo ayi, ndi kompyuta yomwe imayimba manambala masauzande motsatizana, kulira kamodzi n'kudula, n'kumadikira ochepa amene abweze.

Tsono taonani pomwe maso athu amatinamiza. Nambala ya foni ya m'manja kuno kwathu ili ndi manambala 10 ndipo imayamba ndi 0, TNM ndi 088, Airtel ndi 099 kapena 098. Ikalembedwa mwa mayiko akunja, 0 uja amachoka n'kubwera +265 kutsogolo, kenako manambala 9, mwachitsanzo +265 88x xxx xxx. Ndiye ngati kachizindikiro ka + katsatana ndi 88 pompo popanda 265 pakati, imeneyo si TNM. +881 ndi ya mafoni a setilaiti monga Iridium, aja ogwiritsa ntchito pa sitima za panyanja ndi m'zipululu, +882 ndi +883 ndi za manetiweki apadera omwe sali a dziko lililonse, +880 ndi Bangladesh, +886 ndi Taiwan. Kuyimbira setilaiti ndi kumodzi mwa kuyimba kodula kwambiri komwe kulipo. A pa Airtel musaseke, nanunso muli momwemo. +992 ndi Tajikistan, +994 Azerbaijan, +995 Georgia, +996 Kyrgyzstan, +998 Uzbekistan, +98 ndi Iran. Pa kasikilini kakang'ono, munthu wangodzuka kumene, +995 ndi 0995 zimaoneka chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kachizindikiro kamodzi koyambirira basi. Mafoni ena m'malo mwa + amaonetsa 00, nde 00882 n'chimodzimodzi ndi +882, ndipo imeneyo imapusitsa kwambiri poti 0 akuonekadi kutsogolo. Werengani ma 0, akakhala awiri ndi kunja.

Ndalama zimayenda chonchi. Mbava imachita lendi manambala ku malo komwe mtengo wolandirira foni ndi wokwera, pa mgwirizano woti mphindi iliyonse yomwe munthu wayimbira nambalayo iyo ilandirepo gawo. Inu mukayimba, kampani yanu ya foni imakudulani mtengo wa kunja, iyo n'kulipira kampani ya uko, ya uko n'kugawana ndi mbava. N'chifukwa chake safuna muzidula msanga. Kulira kuja azakhali ankamva ngati foni ikuyitanabe kunali kojambulidwa, foni inali itayankhidwa kale ndipo ndalama zinali zikupita. Mukayang'ana pa sikilini n'kuona masekondi akuwerenga pomwe khutu likumva kuyitana, dulani pompo. Tingoyerekeza kuti mtengo wake ndi K2,000 pa mphindi, ndangopeka kuti tiwerengere, mayunitsi a K5,000 atha pa mphindi ziwiri ndi theka. Ndipo bandulo ya mamineti yomwe munagula sikuthandizani, imeneyo ndi yoyimbira mommuno, za kunja zimadya mayunitsi enieni.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa m'magulupu a WhatsApp mumayenda uthenga uja woti ukangoyankha nambala yakutiyakuti ndiye kuti akopera zonse za m'foni mwako m'masekondi atatu, mwinanso akuba ndalama za ku Mpamba. Bodza limenelo, ndipo likusokoneza anthu kuti aziopa zolakwika. Kuyankha foni muli mommuno simulipira kanthu, ndipo palibe angatulutse ndalama ku Mpamba kapena Airtel Money pongoti mwanena halo. Ndalama zimapita mukayimba inuyo, kapena mukatchula PIN ndi pakamwa panu, kapena mukadina zomwe akukuuzani kuti mudine. Amene amatumiza mauthenga amenewa m'gulupu la mpingo ndimawapempha asiye.

Ndipo sindikunena kuti nambala iliyonse ya kunja ndi ya mbava, ambirife tili ndi abale kunja. Joni ndi +27 kenako manambala 9. Zambia +260, Zimbabwe +263, Mozambique +258, Tanzania +255. Koma +256 ndi Uganda, si Malawi, 5 ndi 6 angosinthana malo, ndipo +269 ndi Comoros, +216 ndi Tunisia. Amene muli ndi abale ku UK, foni ya m'manja kumeneko imayamba ndi +44 7, koma +44 70 si ya m'manja ngakhale ikuoneka choncho, ndipo +44 9 ndi zija zolipiritsa modula dala. Ku America nakonso +1 sikutanthauza America yokha, +1 876 ndi Jamaica, +1 809 ndi Dominican Republic. Funso lodzifunsa ndi loti kodi ndili ndi ndani ku Azerbaijan amene angandifulashe 2 koloko usiku? M'bale weniweni wa kunja amadziwa kuti kuyimba kuchokera kuno n'kodula, amayimbanso kapena amalemba pa WhatsApp.

Za wa kubanki uja

Apa ndiye pomwe ndikukhumudwitseni, chifukwa kuwerenga nambala kumathera panjira. Nambala yomwe imaoneka pa sikilini foni ikamalira ili ngati keyala ya wotumiza yolembedwa kuseri kwa envulopu, amalemba ndi wotumizayo ndipo a positi safufuza ngati ndi yakedi. Munthu woyimba kudzera pa intaneti, pa makina ena amatha kulembapo nambala iliyonse yomwe wafuna, kuphatikizapo ya banki yanu, ndipo manetiweki ambiri amangoipatsira momwe yabwerera. Foni yanu ikailandira imayang'ana m'maina omwe munasunga, ikapeza yofanana n'kuonetsa dzina lomwe munalemba nokha, nde inu mukuona "Banki yanga" mtima n'kukhala pansi. Ku America anachita kukakamiza makampani akuluakulu a mafoni kuyambira mu 2021 kuti azitsimikizira nambala ya woyimba ndi njira yotchedwa STIR/SHAKEN, koma ngakhale kumeneko mafoni abodza sanathe, makamaka ochokera kunja kwa dzikolo.

Ndiye nambala ikhoza kukuuzani motsimikiza kuti kuyimbira uku n'kodula, koma singakutsimikizireni kuti amene akulankhulayo ndi mwini wake. Chomwe wonamizirayo sangathe ndi kulandira foni pa nambala yomwe wabwerekayo. Mukadula n'kuyimba nokha nambala ya banki yolembedwa kuseri kwa khadi yanu ya ATM, foni ipita kubanki kwenikweni, osati kwa iye. N'chifukwa chake amalimbikira kuti musadule mayi, akaunti yanu itsekedwa pompano, tingotsimikiza kodi yomwe yabwera pa mesejiyo. Imeneyo ndi kiyi wa ndalama zanu, ndipo wa kubanki weniweni sapempha PIN kapena kodi yotero pa foni.

Kunena zoona mbava zathu zambiri za mommuno sizivutika n'komwe ndi zaukadaulozi. Zimangogwiritsa 099 kapena 088 wamba, "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena "ndine wa ku ofesi ya Airtel mwawina". Kampani yonse n'kukuyimbirani pa nambala ngati ya wakabaza? Tinafola m'mizere mu 2018 kulembetsa masimukhadi ndi chitupa cha unzika a MACRA atalamula, tinkati zitha, koma simukhadi yolembetsedwa m'dzina la munthu wina ikugwirabe ntchito bwinobwino m'manja mwa wakuba, nde dzina lomwe limatuluka potumiza ndalama nalonso musalikhulupirire kwambiri. Meseji yoti mwalandira ndalama ikachokera pa nambala ya manambala 10 m'malo mwa dzina la kampani, ndi yolemba munthu pamanja. Ma ejenti amapondedwanso m'njira ina, munthu amabwereka foni ya ejenti ngati akufuna kulembapo nambala, n'kusevamo nambala yake ndi dzina la kampani, kenako meseji yake yabodza imafika itavala dzina limenelo. Musamawerenge mesejiyo, onani balansi nokha, `*211#` pa Airtel Money, `*444#` pa Mpamba.

Kwinanso zimatembenuka, m'bale wanu akuyimbadi kuchokera kunja koma pa sikilini pakubwera 099 yachilendo. Pamenepo foniyo yadutsa pa makina odzaza masimukhadi a mommuno omwe anthu ena amazembetsera mafoni a kunja kuti asalipire mtengo wake. Mukadzayimbanso nambala imeneyo m'bale wanuyo simumupeza.

Nde achemwali chitani izi. Nambala yokufulashani yang'anani koyambirira, ngati pali + kapena 00 ndipo chotsatira si 265 kapena dziko lomwe kuli m'bale wanu, musabweze, ibulokeni. Aliyense wonena kuti ndi wa kubanki kapena kampani ya foni, kaya nambala ikuoneka yoona bwanji, dulani muyimbe nokha. Ngati kodi ija munamupatsa, pitani kubanki lero lomwe akatseke khadi ndi kusintha PIN, ndipo nambala ya +882 ija kaipelekeni kwa kampani yanu ya foni kuti aitseke, ngakhale za kubwezeredwa mayunitsi musayembekezere kwambiri poti foniyo munayimba nokha.