Andibwezera fomu ya atachimenti, akuti zolinga zanga n'zosayezeka

"Abale thandizeni, ku ofesi ya atachimenti andibwezera fomu akuti zolinga zanga n'zosayezeka. Ndinalemba zoti ndikufuna kumvetsa ntchito ya akaunti komanso kupeza luso. Ndikakhalako masabata 12, ndilembe bwanji?"

Asisi, chakugwetsani ndi mawu oti kumvetsawo. Kumvetsa kumachitikira m'mutu mwanu, ndiye supavaiza wanu tsiku losayina fomu akaona chani? Mpake aphunzitsi ambiri amatsata mndandanda wa zolinga za maphunziro umene katswiri wa zamaphunziro Benjamin Bloom ndi anzake anatulutsa mu 1956, amafuna mneni wa chinthu chooneka, monga kukonza, kuwerengetsa, kufotokoza, kulemba.

Tiyeni titenge chinthu chimodzi cha ku akaunti komweko, kufananiza kashibuku ndi sitetimenti ya kubanki, ija amati rekonsiliyeshoni. Mutha kulemba kuti: "Pofika sabata la 12 ndidzakhala nditakonza rekonsiliyeshoni ya miyezi iwiri, yoyamba mothandizidwa, yachiwiri ndekha pa Excel, ndipo supavaiza adzasayina ataona kuti kusiyana kulikonse ndakufotokoza." Mukaona bwino muli chochita, kuchuluka kwake, tsiku lomaliza komanso munthu wotsimikiza. SMART imene amaikonda pamafomu ija, chidule cha mawu a Chingerezi oti cholinga chikhale cholunjika, choyezeka, chotheka, choyenera komanso chokhala ndi nthawi yake, kwenikweni imafuna zomwezi.

Mwina mufunsa kuti bwanji miyezi iwiri yokha. Malo ambiri ntchitoyi imachitika mwezi ukatha, ndiye m'masabata 12 mukumana nayo kosapitirira katatu, komanso ulendo woyambawo mudzangokhala pambali n'kumaonerera chifukwa mudzakhala musanazolowere ndipo mwina pasiwedi ya sisitimu asanakupatseni n'komwe. Mukalemba khumi pofuna kusangalatsa alekichala mwadzitchera msampha nokha, pamapeto fomu idzaonetsa ngati mwalephera pomwe munagwira bwinobwino.

Pena pomwe ambiri timaphonya, ndipo zimandimvetsa chisoni, ndi kuwerenga ntchito m'malo mowerenga kuphunzira. "Ndidzalowetsa ma invoisi 300 mukompyuta" inde n'zoyezeka, koma wa nambala 300 mudzamulowetsa chimodzimodzi ngati wa nambala 20, palibe chakula. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija ndaika zoti mothandizidwa kenako ndekha, kuphunzira kukuonekera pamenepo, mukatha kuuza munthu kuti ndalama iyi ikusiyana chifukwa cheke sichinadutse kubanki, iyi ndi machaji a banki amene sanalowe mukashibuku.

Zolinga zitatu kapena zinayi zakwana, pokhapokha ngati fomu yatchula nambala yake. Ndipo musanaibweze muwaonetse kaye a supavaiza akuntchitoko, chifukwa makampani ena salola wophunzira kugwira masitetimenti a kubanki, zikatero musinthiretu n'kutenga zina monga kusunga buku la tindalama tating'ono ta muofesi. Umboni wakenso mufunse, mapepala a kampani nthawi zambiri satuluka panja, ndiye muzilemba mu logibuku tsiku ndi zomwe mwachita, iwo azisayina sabata iliyonse osadikira sabata lomaliza.