Kuchoka pa gule kupita pa madzi osefukira: kudula, kusungunula kapena kusesa?

"Akuluakulu ndithandizeni. Ndikukonza kanema wa mphindi 8 wa gulu lathu la achinyamata kuno ku Makhanga. Ayamba ndi chinkhoswe usiku, anthu akuvina ulimba. Kenako m'mawa madzi alowa m'mudzi. Gawo lomaliza banja lija lili ku kampu ku Bangula, patapita milungu itatu. Ndikugwiritsa Premiere Pro. Polumikiza magawowa ndiike Cross Dissolve, Wipe, kapena ndingodula basi? Ndayesa zonse koma zikuoneka ngati zoseweretsa."

Achimwene, mfundo zolumikiza muli nazo ziwiri, ndipo sizifuna mankhwala amodzi. Yoyamba dulani basi, osaikapo kalikonse. Yachiwiri ndiye ikani Cross Dissolve. Wipe musiyeni kaye m'bokosi mwake, ndimukamba kumapeto.

Zinthu zitatuzi sindizo zimasintha mtima wa woonera. Ntchito yake n'kumuuza za nthawi ndi malo. Mukadula, mwamuuza kuti ichi chachitika pompo, chatsatana ndi chija. Mukasungunula chithunzi china kulowa m'chinzake ndi Cross Dissolve, mwamuuza kuti papita nthawi. Mukasesa ndi Wipe, mwamuuza kuti tasamuka malo, ndipo dzanja la wokonza kanema laonekera poyera. Chisoni kapena chimwemwe chimachokera pa shoti yomwe mwatsekera, shoti yomwe mwatsegulira, ndi zimene makutu akumva pamenepo. N'chifukwa chake mwayesa zonse zitatu osakhutira: mumasintha chapakati, pomwe vuto lili mbali ziwirizo.

Tiyambe ndi gule uja. Madzi a Ruo akabwera sagogoda pakhomo, inu a kutsidyako mukudziwa kuposa ine. Ndiye kanema wanunso asagogode. Cross Dissolve pamenepa imafewetsa chinthu chomwe sichinali chofewa. Ndipo pali china choipa chomwe mungachione nokha. Ikani Cross Dissolve ija, kenako imitsani kanema pakatikati pake penipeni. Pa fulemu imeneyo zithunzi ziwiri zili theka ndi theka: mkwati akumwetulira, mano onse panja, madzi amatope akumudutsa pankhope. Woonera sangakuuzeni kuti waona zimenezo, koma diso lake laona, ndipo ndipamene pamachokera kuoneka ngati zoseweretsa kuja. Kuyesa kumeneku muzikuchita nthawi zonse. Fulemu yapakati ikakhala chithunzi choti simungachipachike pakhoma, kusungunulako n'kolakwika.

Kudula nako kuli ndi kachitidwe kake. Musadikire gule azirale, anthu ayambe kukhala pansi. Dulani gule ali pachimake, fumbi lili koboo, pa kugunda kwa ng'oma penipeni. Mukakuza mzere wa mawu pa taimulaini muona timapiri tosongoka, kugunda kulikonse kamodzi. Dulani pa kaphiri, osati pakati pa tiwiri. Shoti yomaliza ikhale yapafupi, nkhope kapena mapazi, yodzaza ndi kugwedezeka. Yotsatira ikhale yosemphana nayo pa zonse: yotakata, kamera ili duu, madenga okha akuoneka pamwamba pa madzi. Ndipo muisiye ikhale. Ambiri amalakwa apa, amaiika masekondi awiri n'kuthamangira shoti ina. Ipatseni masekondi 5, ngakhale 6. Munthu wochoka pa gule ayenera kuyamba wazindikira kuti ali pati, kenako n'kumva kuwawa, ndipo ziwirizi sizichitika nthawi imodzi.

Tsono mawu, pomwe pagona nkhani yonse. Ulimba udulidwe pa fulemu yomweyo ndi chithunzi. Koma kumbali inayo musasiye zii weniweni, mzere wa mawu uli wopanda kanthu. Anthu akuonera pa foni angoganiza kuti kanema wafa mawu, ayamba kukanikiza batani la voliyumu. Ikani phokoso la malowo: madzi akuyenda, mphepo, nkhuku ikulira patali padenga. Ngati simunajambule phokosolo, pitani kudooko m'mamawa ndi foni mukajambule mphindi imodzi, anthu asanayambe kuchapa. Mukamva kuti "thi" podulapo, ikani Constant Power pa mawu okha (Ctrl+Shift+D), n'kuifupikitsa ikhale mafulemu 2. Khutu silingamve kuti mwasakaniza, koma kaphokoso kaja katha.

Pali njira ina ngati simukufuna kudzidzimutsa anthu koma kuwachititsa nthumanzi. Mawu a gawo lachiwiri ayambe chithunzi chisanasinthe. Okonza makanema amaitcha J-cut, chifukwa pa taimulaini mzere wa mawu umatulukira kumanzere pansi pa chithunzi ngati chilembo J. Gwirani Alt, kokani m'mphepete mwa mawu okha a shoti ya madzi, abwerere m'mbuyo masekondi awiri, ali pa mzere wawo pansi pa ulimba. Anthu akuvinabe koma mkokomo wa madzi wayamba kumveka pansipansi, ukukwera, ulimba ukutsika, kenako chithunzi n'kudulidwa. Chithunzicho mwachidulabe molimba, chasungunuka ndi mawu okha. Kwa anthu a kwathu kuno ine ndingasankhe imeneyi. Amene anaona za 2015 ndi za Freddy mu 2023 simungawadzidzimutse ndi madzi, akuwadziwa. Koma phokoso lija akalimva pansi pa nyimbo, mitima iyamba kugunda chithunzi chisanafike. Yesani zonse ziwiri, muonetse munthu amene sanaone kanemayo, muziyang'ana nkhope yake osati sikirini.

Mfundo yachiwiri, kuchoka pa madzi kupita ku kampu. Apa mtima ukusintha pang'onopang'ono, kuchoka pa mantha kupita pa kutopa ndi kudikira, ndipo papita milungu itatu. Iyi ndiye ntchito yeniyeni ya Cross Dissolve. Sekondi imodzi imachepa pa zoterezi, imaoneka ngati mwangofuna kubisa podula. Dinani pa Cross Dissolve ija, pitani ku Effect Controls, pa Duration lembani masekondi awiri, pa Alignment pakhale Center at Cut. Ngati munajambula pa mafulemu 25 pa sekondi, amenewo ndi mafulemu 50. Ngati ndi foni ya mafulemu 30, ndi 60.

Apa pali msampha. Kusungunula kumadya chithunzi chomwe simukuchiona pa taimulaini. Pa mafulemu 50 aja, shoti ya madzi iyenera kukhala ndi mafulemu 25 otsala kupitirira pomwe munaidula, ndipo ya kampu ikhale ndi 25 kumbuyo kwa pomwe munaiyambira. Akasowa, Premiere ikuuzani kuti "Insufficient media. This transition will contain repeated frames", ndipo mukavomera, madzi aja aima chilili ngati chithunzi cha pakhoma pakati pa kusungunuka. Chinanso, m'mafulemu obisikawo ndimo mumakhala zonyansa zonse: kamera kugwedezeka wojambula akufuna batani, wosewera kuyang'ana kamera n'kuseka poganiza kuti zatha. Inu munazidula bwinobwino, Cross Dissolve n'kukazifukula. Konzani pofupikitsa shoti iliyonse ndi sekondi imodzi musanaike, ndipo ulendo wina pojambula mukayatsa kamera muziwerenga mpaka 5 sewero lisanayambe, likathanso muziwerenga mpaka 5 musanazimitse.

Sankhaninso shoti zogwirizana. Nkhope kulowa pa nkhope ina kumabala munthu wa maso anayi. Zabwino n'zodekha, zopanda zambiri: madzi ali tayale, kulowa pa mzere wa matenti ojambulidwa patali. Onani kuwala kwake. Dzuwa la ku Bangula masana tenti yoyera imathobwa m'maso, ndipo mukaisakaniza ndi shoti yakuda ya m'mamawa, yowalayo imalanda msanga. Kusungunuka kwa masekondi awiri kumaoneka ngati kwatha pa theka la sekondi. Yambani ndi shoti ya kampu ya madzulo, kapena tsitsani kuwala kwake pang'ono.

Ngati kanemayu adzayenda pa WhatsApp, dzitumizireni kaye nokha muone. Pochepetsa kukula kwa kanema, malo omwe chithunzi chonse chikusintha nthawi imodzi ndiwo amavutika, ndipo madzi oyenda osakanizidwa ndi chithunzi china amasweka kukhala timabokosi. Zikatero, kapena shoti ziwirizo zikakana kugwirizana, gwiritsani Dip to Black: chithunzi chimazirala mpaka mdima, china n'kutulukira. Imeneyi ndi yolemera kuposa kusungunula, imatseka mutu wa nkhani. Mu kanema wa mphindi 8 ndingaiike kamodzi kokha, chifukwa kachiwiri anthu amayamba kunyamuka poyesa kuti watha.

Wipe uja tsopano. Ine ndinapsa naye. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinajambula ukwati wina ku Nchalo. M'mawa mkwatibwi anapita ndi azakhali ake kukaika nkhata pa manda a bambo ake, masana madyerero. Ine posangalala ndi zida zatsopano ndinaika Wipe, mzere n'kuyenda kuchokera kumanzere, manda n'kusesedwa, kutulukira anthu ali pa perekani-perekani. Tikuonera pabalaza, azakhali aja anangoti, "Bwezani pamenepo." Ndinabweza. Anati, "Mwana wanga, achimwene anga mwawafufuta ngati choko pa bolodi?" Ndinalibe poyankha. Ndinakakonza usiku womwewo: manda, Dip to Black, kenako nyimbo kuyamba kumveka mumdima chithunzi chisanatuluke. Wipe ali ndi m'mphepete mooneka, chithunzi china chikukankha chinzake kuchichotsa, ndiye pa chisoni amakhala ngati mwano.

Sikuti alibe ntchito. Pa nthabwala, pa kanema wa malonda, kapena posonyeza zinthu ziwiri zochitika nthawi imodzi malo osiyana, amakhala bwino, ali wachangu, mafulemu 10 kapena 12, akuyenda mbali yomwe chinthu cha m'chithunzi chikulowera. Mwa inu, malo okhawo ndingamulole ndi m'kati mwa chinkhoswe momwemo, kuchoka kwa amayi ophika kupita kubwalo la gule, makamaka ngati pali munthu kapena njinga ya kabaza yodutsa pafupi ndi kamera n'kutseka chithunzi chonse. Mukadula pa fulemu yomwe watsekayo, kusesa kwachitika kokha popanda kukoka chilichonse m'bokosi. Koma akaoneka kamodzi kokha mu kanema yense amakhala ngati mlendo wosochera, ndiye ngati mulibe malo ena awiri omuika, musiyeni.

Mukakonza, tumizani masekondi 20 a mfundo yoyamba ija, 10 a gule ndi 10 a madzi, mawu ali momwemo. Ndikufuna ndimve pomwe mwadulira ng'oma.