Nambala ya foni ikabisala kuseri kwa batani

"Achimwene, ndimaphika makeke ndipo mapositala ndimapanga ndekha pa Canva. Pa foni yanga amaoneka bwino, koma ndikawaika pa sitetasi ya WhatsApp kapena pa Instagram, mtengo ndi nambala yanga zimabisika, mwina kudulidwa kumene. Ndizitani?"

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa manyazi omwe ndinkaganiza kuti ndinawaiwala. Chaka china kwaya ya kutchalitchi kwathu inkatolera ndalama zogulira kiyibodi, ndipo poti ndimadziwika kuti ndine "wa zakompyuta", positala anandipatsa ine. Ndinachezera nayo usiku wonse. Chithunzi cha oimba ndinachiika pakati, chachikulu, poti aliyense ankafuna nkhope yake ioneke. Tsiku, malo ndi nambala yotumizirako ndalama ndinazipanikiza m'munsi mwenimweni, ngati mpendero wa chitenje. Nditatumiza ku gulu, aliyense anaiika pa sitetasi, n'kulembapo mawu akeake m'munsi: "Tiyeni tithandize!" Mawu amenewo ndi omwe anakhala pamwamba pa nambala ija. Masiku atatu anthu ankangoyamikira mayunifomu, ndalama osabwera. Amayi a mpando anandiimbira, ndipo moni sanapereke n'komwe.

Poyamba ndinkanena kuti olakwa ndi olemba mawu aja. Ayi ndithu, wolakwa ndinali ine. Ndipo lero ndimanena mosaopa kuti positala yomwe nambala yake ili m'mphepete ndi yosatha, ngakhale ikongole bwanji. Tinazolowera mapositala a papepala, omata pamtengo kapena pakhoma la golosale, pomwe pepala lonse ndi lako. Sikirini ya foni si yako yonse. Pamwamba pamakhala dzina lako ndi kamzere kosonyeza nthawi, m'munsi pali malo oyankhira. Uli ngati wobwereka nyumba, eni ake anasiyamo katundu m'makona.

China chomwe chimandiwawa, poti tayamba kale: kukoka chithunzi kuti chikwane. Munthu watenga positala ya makona anayi ofanana, waikoka mpaka yadzaza sikirini, keke yozungulira yasanduka ngati dzira, nkhope ya mkwatibwi yatalika ngati ya mbuzi. Ena amajambula sikirini ya positala yomwe yadutsa kale m'magulu asanu, zilembo zitafufutika, n'kuitumizanso. Kusintha kukula kwa chithunzi si kukoka. Ndi kutsegula tsamba la muyeso wina n'kusamutsa zinthu chimodzichimodzi.

Nanga muchite chiyani?

Yambani ndi tsamba lalitali, la mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, lomwe ndi muyeso wa sitetasi ndi Stories za pa Instagram. Pa Canva ya pa kompyuta dinani Shift+R kuti marula aoneke, kenako kokani mizere iwiri yopingasa, umodzi pa 420, wina pa 1500. Pakati pa mizereyi patsala bwalo la 1080 mbali zonse. Dzina la keke, mtengo ndi nambala zikhale m'bwalo limeneli, ndipo kumanzere ndi kumanja musiye mapikiselo ngati 65 opanda chilembo. Kunja kwa mizere ikani zomwe simungadandaule zitabisika: mbale, maluwa, mtundu wa kumbuyo.

Chifukwa chake n'chakuti mabatani a Stories amadya pafupifupi 250 pamwamba, ndipo m'munsi ndi bwino kuwerengera 340, choncho 420 yakupatsani mpata wokwanira ngakhale wina alembepo mzere umodzi kapena iwiri. Mukafuna positala yomweyo pa tsamba la Instagram, pomwe muyeso wozolowereka ndi 1080 kwa 1350, mungodula 285 pamwamba ndi 285 m'munsi, mawu onse atsala. Ma 65 a m'mbali aja ali ndi ntchito: kuyambira mu 2025 Instagram imaonetsa zithunzi za pa tsamba lanu zili zazitali, ndipo chithunzi cha 1080 kwa 1350 chimasengedwa mapikiselo oposa 30 mbali iliyonse. Zilembo zoyamba za mtengo zikakhala m'mphepete, K15,000 imaoneka ngati 5,000, ndiye mudzakangana ndi kasitomala.

Reels yokha, gawo la timavidiyo tatifupi pa Instagram, ndi yadyera. Kumeneko mawu ofotokoza ndi dzina la nyimbo zimakwera mpaka kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a sikirini, choncho mzere wa m'munsi muukweze kufika pa 1250.

Musanatumize kwa anthu, ikani kaye pa sitetasi yoti aone munthu mmodzi yekha, makamaka wa foni yaing'ono yosiyana ndi yanu, ndipo mumuuze akuwerengereni nambalayo mokweza. Ine ndimatumiza kwa mlamu wanga, yemwe foni yake ili ndi mng'alu pakona ya kumanzere. Za kiyibodi ija, tinagula mochedwa ndi mwezi wathunthu, ndipo mpaka pano amayi a mpando akandiona amafunsa ngati nambala ikuoneka.