Ayironi ya mitundu itatu pamene Duncan akufika kwa Macbeth

"Aphunzitsi atipatsa ntchito yofotokoza ayironi ya dilamatiki, ya vebo ndi ya sichuweshono mu sewero la Macbeth, akiti 1 sini 6. Kwa ine zonse zikungooneka ngati chinthu chimodzi. Ndingazisiyanitse bwanji, nanga ndilembe motani?"

Mzanga, zikuoneka zofanana chifukwa mitundu yonse itatu ili ndi muzu umodzi, womwe ndi kusemphana pakati pa zimene zikuoneka ndi zimene zilidi. Chomwe chimasiyanitsa ndi pamene kusemphanako kwagona. Choncho musanathamangire kupereka dzina pa mzere uliwonse, dzifunseni kuti pa nthawi imene mawuwa akuyankhulidwa, akudziwa zoona ndani, ndipo amene ali mu mdima ndani. Ngati oonera akudziwa koma mtengambali sakudziwa, imeneyo ndi ya dilamatiki. Ngati woyankhula akudziwa ndipo wasankha dala kunena zosemphana ndi zimene akutanthauza, imeneyo ndi ya vebo, kapena kuti ya m'mawu. Ngati kusemphana kuli pakati pa zimene zinkayembekezeka ndi zimene zachitika, imeneyo ndi ya sichuweshono, ya m'zochitika.

Ndiyambe ndi ya dilamatiki, popeza ndiyo yadzaza m'ndime imene mwapatsidwayi. Duncan, mfumu ya Scotland, akangofika pa nyumba yamalinga ya Macbeth ku Inverness, mawu ake oyamba ndi oyamikira kuti nyumbayo inamangidwa pa malo okongola ndipo mpweya wake ndi wokoma ndi wotsitsimula. Banquo, mtsogoleri wa asilikali mnzake wa Macbeth, akuvomereza, nkuloza mbalame zonga anamzeze zimene zamanga zisa paliponse pa makoma, ndipo akuti iye anaona kuti kumene mbalamezi zimakonda kuswana, mpweya umakhala wabwino. Mukawerenga mawu amenewa paokha, mulibe ayironi ngakhale pang'ono, ndi alendo chabe amene akuyamikira malo. Ayironi ikubwera chifukwa cha sini 5, imene oonera angoiona kumene. Mmenemo Lady Macbeth, mkazi wa Macbeth, wanena kuti ngakhale khwangwala wasasa mawu polengeza za kulowa kwa Duncan komwe kumufikitse ku imfa, ndipo mwamuna wake atamuuza kuti mfumu ikufuna kubwerera mawa lake, iye wayankha kuti dzuwa silidzaona tsiku limenelo. Ndiye oonera akamamva Banquo akukamba za mbalame zoswana, m'makutu mwawo mukumvekabe khwangwala uja. Mlembi wa seweroli, William Shakespeare, anaika mbalame ziwirizi moyandikana dala, ina ya imfa, ina ya moyo watsopano, ndipo wophunzira amene waona zimenezi waonetsa kuti wawerenga sewero, osati ndime yokha.

Apa ndi pamene ambiri amataya malikisi. Amalemba kuti Duncan akuyamikira nyumba imene adzaferemo, nkulekera pomwepo. Mfundoyo ndi yoona, koma siinafotokoze chifukwa chake ili ayironi ya dilamatiki. Muyenera kutchula chimene oonera akudziwa, komanso pamene anachidziwira, chifukwa popanda chidziwitso chimenecho mtundu uwu wa ayironi kulibe. Mutha kudziyesa nokha motere: ganizirani munthu amene walowa m'holo mochedwa, sini 5 itatha kale. Kodi iyeyo angamve mantha aliwonse Duncan akamayamikira mpweya? Sangamve. Zimenezi zikutsimikiza kuti ayironiyo siili m'mawu a Duncan, koma m'mitu ya oonera.

Pali mzere wina m'ndime yomweyi umene ine ndimauona kuti ndi wopweteka kuposa wa mpweya uja. Duncan akufunsa kumene kuli Macbeth, nkunena kuti anayesetsa kumuthamangira kuti afike patsogolo pake, koma Macbeth ndi katswiri pokwera kavalo, ndipo chikondi chake chachikulu ndicho chamufikitsa msanga kunyumba. Mfumu yaona bwino kuti Macbeth anathamanga, koma yaphonya chifukwa chake, pakuti oonera amva kale mu sini 4 Macbeth akupempha nyenyezi kuti zibise kuwala kwake kuti zilakolako zake zakuda zisaoneke. Kumapeto Duncan akupempha dzanja la Lady Macbeth kuti amutsogolere kwa mwini nyumba, akunena kuti amamukonda kwambiri Macbeth ndipo apitiriza kumuchitira zabwino. Zindikiraninso kuti Macbeth mwiniyo saonekera konse mu sini imeneyi, sanatuluke kudzalandira mfumu yake.

Tsopano ya vebo, yomwe m'ndime iyi ndi yovuta, ndipo ndikupemphani kuti muifatsire. Ophunzira ambiri adzalemba kuti Duncan akugwiritsa ntchito ayironi ya vebo pomutcha Lady Macbeth mayi wolemekezeka wolandira alendo. Kumeneko ndi kulakwitsa. Duncan akunena zimene akukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo munthu sangayankhule ayironi ya vebo mosadziwa, chifukwa mtundu umenewu umafuna cholinga. Mawu a Duncan ndi a dilamatiki basi.

Amene akunena zosemphana ndi za mumtima mwake ndi Lady Macbeth. Iye akuuza mfumu kuti ngakhale iwo atachita ntchito yawo yonse kawiri, nkuibwerezanso kawiri, ikanakhalabe yochepa poyerekeza ndi ulemu umene mfumu yaunjika pa banja lawo, ndipo akulonjeza kuti adzakhala oipempherera. Aphunzitsi ambiri amavomereza chitsanzo chimenechi ngati ayironi ya vebo, ndipo mutha kuchigwiritsa ntchito, koma mudziwe malire ake. Kunena zoona, chimene Lady Macbeth akuchita pamaso pa Duncan ndi chinyengo. Wabodza amafuna kuti womumvera akhulupirire mawu monga akumvekera, pamene woyankhula ayironi amafuna kuti wina azindikire kuti akutanthauza zina. Duncan sakuyenera kuzindikira kanthu, apo ayi chiwembu chonse chifera m'mazira. Komabe oonera akumva tanthauzo lachiwiri m'mawu akuti ntchito, chifukwa mu sini 5 mayiyu wanena kuti mlendo akubwerayo ayenera kukonzeredwa, ndipo walangiza mwamuna wake kuti azioneka ngati duwa losalakwa koma akhale njoka yobisala pansi pake. Ndiye mulembe kuti mawu a Lady Macbeth ali ndi matanthauzo awiri amene iye akuwadziwa, lina la mfumu, lina lake ndi la oonera, ndipo muonjezere kuti kukokomeza kwake, kawiri ndi kawirinso, kukuulula kuti ulemuwo ndi wa pakamwa chabe. Wophunzira amene wanena poyera kuti chitsanzochi chili pa malire a ayironi ndi chinyengo amaoneka kuti wamvetsa kuposa amene wangomata dzina.

Ngati mukufuna kumva mmene ayironi ya vebo yeniyeni imamvekera, werengani akiti 3 sini 6, pamene Lennox akucheza ndi nduna ina. Iye akuti Macbeth anamva chisoni chachikulu ndi imfa ya Duncan, akuti Banquo anayenda usiku kwambiri ndipo mwina tinene kuti anaphedwa ndi mwana wake Fleance popeza Fleance anathawa, nkufunsanso ngati Macbeth sanachite mwaulemu ndi mwanzeru popha alonda awiri a Duncan. Lennox akufuna kuti mnzakeyo amve zosemphana ndi mawuwo, ndipo akuyankhula mozungulira chifukwa pansi pa mfumu yankhanza kunena mwachindunji nkuika moyo pachiswe. Mzere umodzi woyerekeza Lennox ndi Lady Macbeth ndi wokwanira. Musachoke pa ndime yanu kwa nthawi yaitali.

Ya sichuweshono siifuna kuti wina ayankhule kanthu, koma imafuna zinthu ziwiri zimene muyenera kuzitchula zonse, chiyembekezo ndi chotsatira. Vuto lake m'ndime iyi ndi lakuti chotsatiracho chili kunja kwa ndime, popeza Duncan akuphedwa mu akiti 2. Muli ndi ufulu wochitchula, bola muyambire m'ndimemo. Duncan akunena kuti usiku umenewo ndi mlendo wawo, ndipo chiyembekezo cha aliyense nchakuti mlendo amatetezedwa ndi mwini nyumba. Macbeth mwiniyo akuvomereza zimenezi mu sini 7, pamene akunena kuti iye ndi m'bale wa mfumu, ndi munthu wake, komanso ndi mwini nyumba amene anayenera kutsekera chigawenga chitseko, osati kunyamula mpeni. Chitsanzo china champhamvu chili m'dzina limene Duncan akumutchula nalo Macbeth m'ndimeyi, la mkulu wa dera la Cawdor. Mfumu inalanda udindo umenewu kwa munthu amene anaiukira, yemwe inati inkamukhulupirira kotheratu, nkuupereka kwa Macbeth ngati mphoto ya kukhulupirika, ndipo potero inaupereka kwa woukira woopsa kuposa woyambayo. Onani kuti sikuti ndi tsoka chabe. Duncan akanafa ndi matenda usiku umenewo, likanakhala tsoka koma osati ayironi. Ndi ayironi chifukwa njira yomwe anasankha pothana ndi chiwembu ndi yomwe yamufikitsa m'manja mwa chiwembu.

Mwina mwaona kale kuti mzere umodzi ungathe kunyamula mitundu iwiri. Mawu akuti ndife alendo anu usiku uno ndi a dilamatiki mukayang'ana zimene oonera akudziwa pa nthawiyo, ndipo ndi chiyambi cha ya sichuweshono mukayang'ana zimene zidzachitike. Zimenezi si vuto, koma pa ntchito ya m'kalasi ndi bwino kupatsa mtundu uliwonse chitsanzo chakechake, kuti wochonga asaganize kuti mwasokoneza.

Polemba, ndime iliyonse iyambe ndi dzina la mtundu wa ayironi ndi tanthauzo lake mu chiganizo chimodzi, kenako mawu ochepa ochokera m'sewero monga alembedwera m'buku lanu, kenako mbali ziwiri zosemphanazo, pomaliza zimene zikuchitika mumtima mwa oonera. Mbali yomalizayi ndi imene imasiyidwa kawirikawiri, chonsecho ndiyo imayankha funso lakuti mlembi anachitiranji zimenezi. Ndime ya dilamatiki ingayende motere, ngakhale inu mudzailemba m'Chingerezi ndi m'mawu anuanu: Duncan akuyamikira mpweya wa pa nyumba ya Macbeth chifukwa akukhulupirira kuti wafika kwa abwenzi, koma oonera amva kale mu sini 5 kuti Lady Macbeth wakonza zoti mfumuyi isatulukemo yamoyo, choncho mawu aliwonse oyamikira akuwonjezera mantha ndi chisoni mwa oonera, amene akuona munthu wosalakwa akulowa yekha mu msampha koma sangathe kumuchenjeza. Musalembe kuti ayironi ikukometsa sewero, chifukwa mawu otere angakwanire pa sewero lililonse ndipo sapindula malikisi. Tchulani chenichenicho, kaya ndi mantha, kaya chisoni pa Duncan, kaya kunyansidwa ndi ulemu wachinyengo wa Lady Macbeth pamene akupereka dzanja lake kwa mfumu ndi kuilowetsa m'nyumba.