Chikalata cha Chingerezi chikuti masiku 7, cha Chichewa chikuti 14: chigwire ntchito ndi chiti?

"Ndili ndi kabizinesi ka pa intaneti kuno ku Joni, ku Rosettenville. Ndimagulitsa zitenje, kusoka madiresi komanso kutumizira anthu katundu kumudzi. Makasitomala ena ndi a konkuno, ena ndi akwathu. Privacy Policy ndi Terms and Conditions ndinakopera pa webusaiti ina yakunja. Kodi ndingoziika m'Chichewa basi?"

Mayi, yambani mwaima kaye, chifukwa mukamasulira zimene munakoperazo mukhala ndi bodza limodzi m'zilankhulo ziwiri. Tsegulani chikalatacho muone. Mukapezamo mawu oti GDPR kapena California, dziwani kuti malayawo anasokera wina. Kuno amene akukukhudzani ndi malamulo atatu: POPIA ya 2013 yoteteza zambiri za anthu, ECTA ya 2002 yokhudza malonda a pa intaneti ndi Consumer Protection Act ya 2008 yoteteza ogula.

Tengani pepala mulondole oda imodzi kuyambira poyamba. Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Turffontein wagula zitenje zitatu kuti zipite kwa mayi ake ku Mangochi. Mwatenga dzina lake, foni, imelo ndi umboni wa malipiro. Mwatenganso dzina la mayiwo, mudzi ndi nambala yawo, ndipo zimenezi mupatsira dalaivala wa lole yodutsa pa Beitbridge ndi Mwanza. Gawo 18 la POPIA likufuna muuze munthu zimene mukutenga, chifukwa chake, amene mukumupatsa, dzina ndi adiresi ya bizinesi yanu, komanso kuti atha kukadandaula ku Information Regulator. Gawo 72 limaletsa kutulutsa zambiri za munthu m'dziko muno pokhapokha pali chifukwa chovomerezeka, monga chilolezo chake kapena kukwaniritsa mgwirizano umene wapangana nanu. Ndiye chiganizo chofala chija choti "sitipatsa wina aliyense zambiri zanu" chichotseni, poti dalaivala uja ndi wina wake. Lembani chilungamo: dzina, mudzi ndi foni ya wolandira zimapita kwa onyamula katundu, ndipo zimatuluka mu South Africa.

Zikatha kulembedwa m'chilankhulo chimodzi, m'pamene mumasulire. Palibe lamulo la kuno lokukakamizani kulemba m'Chichewa, koma mukangolemba, limenelo ndi lonjezo.

Pamene anthu amagwa kwambiri ndi pa manambala. Gawo 44 la ECTA limapatsa wogula pa intaneti masiku 7 chilandirireni katundu kuti amubweze popanda kupereka chifukwa. Mtengo wobwezera amalipira yekha, inu mumubwezere ndalama pasanathe masiku 30. Tsono tinene kuti womasulira wanu, pofuna kukometsa, walemba "mungabweze pasanathe sabata ziwiri". Kasitomala akubwera tsiku la 12 ndi chitenje chake, akukuonetsani tsamba lanu lomwe pa foni. Mutsutsa bwanji? Ambiri amabisala ku kachiganizo kakuti zikasiyana, Chingerezi ndicho chigwire ntchito. Kaikeni ngati mukufuna, koma musakadalire: Consumer Protection Act imati pamene mawu a wogulitsa akumveka pawiri, amasuliridwe mokomera wogula, ndipo munthuyu anavomereza zimene anawerenga m'Chichewa.

Diresi losokedwa pa muyezo wa mwini wake sililowa m'masiku 7 aja. Zimenezi zilembeni m'zilankhulo zonse ziwiri, pafupi ndi batani lolipirira. Koma likakhala ndi vuto, monga zipi yofa, gawo 56 la Consumer Protection Act likupatsa wogula miyezi 6 yoti asankhe yekha kukonzeredwa, kupatsidwa lina kapena kubwezeredwa ndalama. Mawu oti "mukagula mwagula" alibe mphamvu pamenepa, ngakhale pamsika pathu timawakonda.

Chenjeraninso ndi mawu aulemu. "Tidzayesetsa kubweza" ndi mmene ife timalankhulira mofatsa, koma pamene Chingerezi chikunena motsimikiza, Chichewa chinenenso kuti "tidzabweza". "Mungatumize" nayenso ndi mawu oterera, chifukwa samveka ngati munthu akuloledwa kapena akukakamizidwa. Pokakamiza lembani "muyenera". Dzina la Information Regulator lisiyeni mmene lilili kuti munthu athe kulifufuza, mungofotokoza pambali kuti ndi ofesi yolandira madandaulo otere.

Poyesa ngati zikugwirizana, ikani manambala ofanana pa ndime za mbali zonse, ndime 5 kuno ikhale ndime 5 uko. Kenako pezani munthu amene sanaonepo za Chingerezizo, awerenge Chichewa chokha, mumufunse: masiku obwezera ndi angati, amalipira thiransipoti ndani, nambala ya mayi ako ipita kwa yani? Akayankha zosiyana ndi za Chingerezi, konzani pomwepo.

Pa oda iliyonse sungani tsiku ndi mtundu wa chikalata chimene munthu anavomereza, monga `terms-ny-v2` kapena `terms-en-v2`. Mukasintha mtengo wa katundu wopita ku Lilongwe m'Chingerezi, sinthani ndi m'Chichewa tsiku lomwelo, zonse ziwiri zikhale `v3`.