Gulu likakangana pa za maudindo, mu eseyi mulembamo chani?

"Atipatsa asayimenti yolemba zomwe taphunzira pa pulojekiti ya maketing'i ya pagulu, koma ife tinakangana heve pa nkhani ya maudindo. Ndilembemo zimenezo kapena ndibise?"

Achemwali, lembanimo, chifukwa mkanganowo ndi umene uli ndi nyama. Ndikuuzeni za gulu lathu kuno ku Mangochi mwina muonapo polowera.

Ife tinasankha kugulitsa juwisi wa malambe, tinalipo anthu asanu, tinagawana bwinobwino: wina wopanga, wina wa zomata pabotolo ndi kulengeza pa WhatsApp, wina msungichuma, awiri ogulitsa ku depoti ndi kumsika wa pa boma. Botolo limodzi linkatidyera K350 tikawerengera malambe, shuga, botolo ndi ayisi, ndiye tinagwirizana mtengo wa K500.

Vuto linabuka mtsikana wathu wogulitsa atayamba kupereka pa K400 kwa anyamata a kabaza. Msungichuma analusa, akuti iwe ntchito yako ndi kugulitsa basi, za mtengo si zako. Ndipo masamu ake anali oona, mabotolo 50 pa K500 phindu ndi K7,500, pa K400 latsala K2,500 yokha. Koma mtsikanayo naye amati bwerani mudzaime nokha padzuwa, kutentha kwa kuno mu Okotobala mukukudziwa, ikamakwana 2 koloko ayisi wasungunuka mu kulabokosi, juwisi wafunda, palibe akumufuna, ndiye botolo lobwerera kunyumba mwataya K350 yonse. Komanso ndi yekhayo amene amatha Chiyao bwinobwino, makasitomala amamuuza iyeyo zoti juwisi wachepa shuga, ifeyo zimenezo sitimazimva.

Apa mpamene ndinaona kuti tinagawana ntchito koma sitinagawane mphamvu. Aliyense amadziwa chochita, koma zoti womaliza kulankhula pa mtengo ndi ndani palibe analemba, chonsecho mtengo umakhudza onse awiri, wa ndalama ndi wa kumsika. Chizindikiro chake nchosavuta, mukamva mawu oti "anakuuza ndani" pagulu dziwani kuti pali chiganizo chopanda mwini.

Tinakonza chonchi: msungichuma ndiye woika malire, K500 m'mawa, ndipo ikadutsa 2 koloko wogulitsa ali ndi ufulu wotsitsa mpaka K450 osafunsa munthu, kupitirira apo aimbe foni kaye. Tinachepetsanso mabotolo opita nawo masana.

Mu eseyi yanu tsatani njira yomweyo. Fotokozani zomwe zinachitika, kenako mfundo ya mbali iliyonse mwachilungamo ngakhale ya amene munakangana naye, ndiye zomwe munasintha ndi zotsatira zake, manambala ngati muli nawo ikanimo. Maina a anzanu musatchule, ingolembani kuti msungichuma kapena wogulitsa. Ndipo mkanganowo muulumikize ku zomwe munaphunzira m'kalasi, wathuwu unali pa mtengo ndi malo ogulitsira, wanuwo muone kuti ukugwa pati pa zinayi zija za maketing'i: katundu, mtengo, malo ogulitsira ndi kulengeza.